Kakanema, Linki ndi Bandulo: Mawu a Oitanira Anthu ku Tchanelo

M'chaka cha 2020 woimba Patrick Namadingo anakhala pansi ndi gogo Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, najambula naye nyimbo zake zakale, ndipo mwa nyimbozo inayenda kwambiri ndi Linny Hoo, imene anthu anaiduladula m'tizidutswa naimwaza pa TikTok, kotero kuti pofika kuchiyambi kwa 2022 inali itaonedwa kumeneko koposa ka 80 miliyoni. Ambiri amene anamva kachidutswako, ngakhale a m'maiko osamva Chichewa, anapita kukafuna nyimbo yonse pa YouTube. Chimene chinachitikira gogoyo mwamwayi ndicho chimene makwaya a ku Nambuma ndi anyamata a zisudzo a pa Nsaru ndi pa Kabudula akuyesa kuchita mwadala masiku ano. Ndipo popeza ntchitoyi ili ndi mawu ake, amene ambiri amawatchula osawalekanitsa bwino, nkoyenera kuti tiwasanthule.

Tchanelo ndiyo nyumba yaikulu, kumene kanema wathunthu amakhala kwa zaka, ndi kumene munthu akakondwera amadina Subscribe nakhala sabusikiraiba. Kakanema, kamene achinyamata amati kilipu, ndiko kachidutswa ka masekondi 30 kapena 40 kotumidwa kunja, ku TikTok, ku Facebook ndi pa sitetasi ya WhatsApp, kuti kakaitane anthu. Ziwirizi zimasiyana ngakhale m'maonekedwe, pakuti kanema wa pa tchanelo amakhala chogona, pa muyeso wa 16:9, pamene kakanema kamaimirira, pa 9:16. Ndipo wojambula kwaya ya anthu 30 ataima mzere, akadula chithunzicho kuti chiimirire, amatsala ndi anthu ochepa a pakati, kapenanso phewa la wotsogolera lopanda mutu. Wanzeru amalingalira zimenezi tsiku lojambula lomwelo, naika woyambitsa nyimbo pakati penipeni.

Masekondi oyamba a kakanema tingawatche nyambo. Munthu woyendetsa chala pa foni sadikira, choncho kakanema koyamba ndi dzina la kwaya likuzungulira pang'onopang'ono, kapena ndi oimba akuyenda m'munda asanatsegule pakamwa, kamapitiriridwa kasanalankhule kanthu. Kayambe pamene nyimbo yafika pokoma, ndipo kalekeze pamene womvera akufunabe. Pakuti kakapereka zonse, palibe chimene munthu angakatsatire ku tchanelo. Komatu nyambo yonama, yolonjeza ndewu kapena chozizwitsa chimene mu kanema mulibe, ili ngati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: anthu amafika ndithu, koma amatuluka isanathe mphindi imodzi, ndipo mzere wa Audience retention mu YouTube Studio umagwa chiphompho pachiyambi pomwe, chimene chimachititsa YouTube kuleka kuonetsa kanemayo kwa ena.

Za chidindo tinene mwachidule. Kakanema kotsitsidwa ku TikTok kamatuluka ndi chizindikiro cha TikTok chikudumphadumpha m'makona, ndipo Instagram inanena poyera mu 2021 kuti tizidutswa tokhala ndi zidindo za mapulogalamu ena sidzationetsa kwambiri. Tsono kakanema kasungidwe koyera m'foni, ndipo kulikonse katumizidwe kuchokera pa koyerako.

Mawu ovuta koposa ndi linki, ndipo pano mpamene ambiri amapunthwa, poganiza kuti linki ikalembedwa ndiye kuti njira yatseguka. Eni mapulogalamuwa safuna kuti munthu atuluke pakhomo pawo. Pa TikTok linki yolembedwa pansi pa kakanema sidinika, imangokhala malemba. Chimene chimatheka ndi kulumikiza tchanelo pa tsamba la mwini, pa Edit profile, ndi kuwauza anthu kuti akadine kumeneko. YouTube nayo, kuyambira pa 31 Ogasiti 2023, inaletsa kudinika kwa malinki olembedwa pansi pa Shorts, niika m'malo mwake Related video, pamene mwini amasankha kanema wake wamtali woti aoneke pa kakanemako. Pa WhatsApp ndi pa Facebook linki imadinika, koma sitetasi imafa pakatha maola 24, ndipo amaiona okhawo amene munasungirana nawo manambala. Chifukwa cha ichi dzina la tchanelo, lija loyamba ndi @, lilembedwe pa chithunzi penipeni ndi kunenedwanso ndi pakamwa, pakuti kakanema kakayamba kuyenda m'magulu a mpingo ndi a mudzi, kapena kakafika kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori pa Namitete, mawu olembedwa pansi amatsala m'njira, chithunzi chokha ndicho chimapitirira. Pali kaluso kenanso kamene ndimakakonda: ngati kakanema kalekezera pa sekondi ya 90 ya nyimbo, linki ingathe kumfikitsa munthu pomwepo, poonjezera kumapeto kwake &t=90 ngati mu linkimo muli kale chizindikiro cha ?, koma ngati mulibe, motere:

```
?t=90
```

Koma ngakhale linki idinike, kwathu kuno pali mlonda wina pachipata amene alangizi a kunja samtchula, ndiye bandulo. Mayi wa ku Mpingu amene wagula kwa Airtel kapena TNM bandulo ya WhatsApp yokha adzaona kakanema bwinobwino, nadzakondwera, nadzadina linki. Ndipo foni idzangozungulira osatsegula kanthu, popeza bandulo yakeyo siifika ku YouTube. Iyeyo sanakane kuitanako, koma njira yamthera. Amene amafika msanga ndi a data yonse: abale a mu mzinda wa Lilongwe, aphunzitsi, ndi ana athu a ku Joni okhala pa Wi-Fi. Mwini tchanelo wozindikira ichi amatumiza linki makamaka m'magulu mmene muli anthu otere, ndipo a kumudzi amawasiyira dzina la tchanelo kuti adzalifune tsiku limene adzagule data.

Tiyerekeze tsono kwaya ina ya ku Nambuma, ndi manambala ongoyerekeza. Yaika nyimbo ya mphindi 6 pa tchanelo, yadula kakanema ka masekondi 40, ndipo pakutha kwa sabata TikTok ikuonetsa mavyuzi 5,000, pamene sitetasi za oimba onse pamodzi zaonedwa ndi anthu 400. Mlembi wa kwaya akuvina ndi 5,000 uja. Koma akatsegula Analytics mu YouTube Studio, nayang'ana pa External, pamene pamalembedwa malo a kunja amene oonera achokera, apeza kuti TikTok yabweretsa anthu 30, WhatsApp 120. Ngati anthu 150 amenewa aonera mphindi ziwiri aliyense, ndiye mphindi 300, maola asanu okha. Pamene YouTube, m'maiko amene imalipirako, imafuna masabusikiraiba 1,000 ndi maola 4,000 m'miyezi 12 isanayambe kugawana ndi munthu ndalama za malonda, ndipo mavyuzi a ku TikTok sawerengedwa m'menemo ngakhale limodzi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Kuwerengaku nakonso kuli ndi malire ake. Munthu amene anaona kakanema ku TikTok, nasunga dzina m'mutu, nakalilemba yekha mawa lake, adzaoneka pansi pa YouTube search, ndipo ena odina linki amagwera pa Direct or unknown, osadziwika kochokera. Choncho mlembi asafulumire kuitaya TikTok chifukwa cha 30 uja. Ayambe waona mawu amene anthu analemba pofufuza, ndipo ngati dzina la kwaya layamba kuoneka m'menemo m'masiku otsatana ndi kutumiza kwa kakanema, adziwe kuti ena mwa 5,000 aja anafika ndithu, kungoti analowera khomo lina.