Kuchuluka kwa maselo oyera m'magazi: matenda wamba kapena lukemiya

Maselo oyera ndiwo asilikali a m'thupi. Munthu wamkulu wathanzi amakhala nawo pakati pa 4,000 ndi 11,000 pa maikulolita imodzi ya magazi. Akapitirira pamenepa, kawirikawiri thupi limakhala likulimbana ndi mabakiteriya, monga pa chibayo kapena chithupsa. Nthawi zina vuto limakhala m'mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira, ndipo imeneyo ndiyo lukemiya, khansa ya m'magazi.

Nambala yokha siilekanitsa ziwirizi, chifukwa matenda aakulu, ngakhale TB yofalikira thupi lonse, angakweze maselowa kuposa 50,000 popanda khansa. N'chifukwa chake wodwala wochokera ku Manyamula, makina a pa chipatala cha boma la Mzimba akaonetsa nambala yokwera, amafunika kuti magazi ake awonedwenso ndi maso. Dontho limapakidwa mopyapyala pa kagalasi, kuumitsidwa ndi methanolo, kuthiridwa utoto wa Giemsa womwe amayezeranso malungo, kenako wa labu amawerenga maselo 100 pa maikulosikopu, kuwagawa malinga ndi mitundu yawo.

Tiyerekeze odwala awiri, aliyense ali ndi maselo 60,000. Woyamba watentha thupi masiku anayi ndipo akutsokomola. Pa galasi pake padzaza manyutirofilo okhwima ndi ena otsala pang'ono kukhwima, okhala ndi timadontho takuda tokhuthala komanso timabowo m'kati mwawo. Izi ndi zizindikiro za maselo opangidwa mofulumira chifukwa cha matenda. Mankhwala akagwira, nambala imatsika m'masiku ochepa.

Wachiwiri wakhala akufooka ndi kuonda kwa miyezi, ndipo kapamba wake watupa. Kuno kutupa kwa kapamba ambiri amakuganizira malungo, ndipo apa ndi pomwe odwala amachedwera. Pa galasi pake pali maselo a misinkhu yonse, kuyambira anthete mpaka okhwima, opanda timadontho tija, ndipo mabesofilo achuluka. Chithunzi chotere chimaloza ku lukemiya yoyenda pang'onopang'ono yotchedwa CML. Imatsimikizidwa poyeza jini ya BCR-ABL1, yobwera ndi kromozomu ya Philadelphia imene inapezeka mu 1960, ndipo mapiritsi a imatinibu amaigwira bwino.

Lukemiya yofulumira imaoneka mwina. Maselo anthete otchedwa mabulasiti, ofanana okhaokha, amadzaza galasi, magazi amachepa, mapulateleti amatsika, ndipo nkhama zimatuluka magazi. Timitengo tofiirira ta Auer tikaoneka m'mabulasiti, nkhaniyo si ya matenda wamba ayi. Koma nambala ikhoza kukhala yabwinobwino kapena yotsika ngakhale lukemiya ilipo.

Galasi limangoloza njira. Wokayikiridwa atumizidwe msanga ku chipatala chachikulu cha Mzuzu kapena cha Kamuzu ku Lilongwe kuti akayezedwe mokwanira, ndipo asapatsidwe prediniziloni asanayezedwe, chifukwa mankhwalawa angabise mabulasiti ndi kusokoneza zotsatira.