Kalata yofunsira ntchito ya pa imelo

Kalatayi imatumizidwa limodzi ndi chikalata chofotokoza maphunziro ndi ntchito zimene munthu wagwirapo. Wolemba anthu ntchito amayamba kuona mutu wa imelo, choncho pamutupo palembedwe dzina la ntchitoyo, nambala yake ngati ilipo, ndi dzina la wofunsira. Ngati chilengezo chatchula mawu oti alembedwe pamutu, akopedwe momwe alili, chifukwa maofesi ena amasankhula makalata potsata mawu omwewo.

Kalata ingalembedwe mu imelo momwemo kapena kutumizidwa ngati fayilo. Chilengezo chikalamula, palibe kusankha. Chikapanda kunena, ndi bwino kuilemba mu imelo, ndime zitatu zazifupi zokha, poti ambiri amawerengera pafoni ndipo amachedwa kutsegula mafayilo. Adiresi ndi tsiku sizifunikanso pamwamba. Koma kumene kalata zimasindikizidwa kuti komiti iziwerenge, fayilo ya PDF ndiyo yabwino, popeza maonekedwe ake sasintha. Zikatero, mu imelo mukhale ziganizo ziwiri kapena zitatu zotchula ntchitoyo ndi mafayilowo. Imelo yopanda mawu, anthu ambiri amaikayikira, ena saitsegula n'komwe.