Momenti ya kutitimira

Mainjiniya akati momenti amanena mphamvu yopinda bimu. Momenti ya kutitimira ndi imene imabadwa nsanamira imodzi ikalowa pansi, ngakhale pa bimupo palibe katundu. M'njira yogawa mamomenti, imene Hardy Cross adafalitsa mu 1930, timayamba ngati mfundo zonse zamangidwa kuti zisatembenuke. Pamenepo nsonga ziwiri za chigawo chokhudzidwa zimalandira `6EIΔ/L²`.

Titenge bimu ABCD ya zigawo zitatu, chilichonse mamita 6, yogwidwa zolimba pa A ndi D, `EI = 30000 kNm²`. Nsanamira B yatitimira mamilimita 12, ndiye kuti mamita 0.012. Chigawo AB chimalandira -60 kNm nsonga zonse ziwiri, BC +60, chifukwa zapendekera mosiyana. CD sichilandira kanthu.

Chondisangalatsa n'chakuti pa B, pomwe patitimirapo, -60 ndi +60 zimafafanizana, choncho kugawa kumayambira pa C. Popeza zigawo n'zofanana, BC ndi CD zimatenga -30 chilichonse, ndipo theka lake, -15, limawolokera ku B ndi ku D. B nayo imagawa +7.5 mbali iliyonse, n'kumabwerezabwereza mpaka zotsala zitachepa. Pomaliza A ili ndi 56 kNm, B 52, C 32, ndipo D, yakutali ija, 16.

Ophunzira ambiri amapatsa AB ndi BC chizindikiro chimodzi. Mukapeza 120 yosagawidwa pa B poyambirira, bwererani ku zizindikirozo.