Kuchokera pa Wenela kukafika ku Limbe: anatcha mayinawa ndani?

Ulendo wa pa minibasi kuchokera pa Wenela kukafika ku Limbe sukwana makilomita 10, koma mayina amene kondakitala amaitanira m'njira asenza mbiri ya zaka pafupifupi 150. Ena anachita kulembedwa ndi khonsolo n'kukhomedwa pachikwangwani. Ena palibe anawavomereza mu ofesi iliyonse, anangobadwa pakamwa pa anthu, ndipo kawirikawiri ndi amenewa amene amakhalitsa. Wofuna kudziwa mbiri ya dera lake ayambe wazindikira kuti dzina limene akufufuzalo ndi la mtundu uti, chifukwa la papepala ndi la pakamwa safufuzidwa mofanana.

Pa Wenela pomwepo ndi poyambira pabwino. Achinyamata ambiri amangopadziwa ngati pokwerera mabasi, koma dzinali ndi katchulidwe kathu ka zilembo za WNLA, bungwe la Witwatersrand Native Labour Association limene linkalemba amuna opita ku migodi ya golide ya ku Joni. Mu 1974 ndege imene inanyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 n'kufa, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa kalemberayo. Maulendo a ku migodi aja anatha kalekale, koma dzina linatsala pamalopo.

Dzina la mzinda weniweniwo ndi la papepala. Mu 1876 a mpingo wa Church of Scotland anakhazikitsa mishoni pamalo amene Henry Henderson anasankha, m'dera la Mfumu Kapeni, ndipo anaitcha Blantyre pokumbukira tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Tauni itakula n'kukhala ndi khonsolo yake mu 1895, misewu ya pakati inalandira mayina a anthu amene atsamunda ankawalemekeza: Victoria Avenue ya mfumukazi yawo, Henderson Street ya mwini kusankha malo uja, Sharpe Road ya bwanamkubwa Alfred Sharpe. Komabe mpaka lero mudzamva munthu akuti "ndikupita ku Kabula", dzina limene silinasowe chikwangwani kuti likhale ndi moyo.

Dzina limene mbiri yake ingatsatidwe bwino kuyambira pachiyambi ndi la Mandala, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha mmene ntchito yofufuzayi imayendera. Mukafunsa akuluakulu adzakuuzani kuti linali dzina la mzungu wina wovala magalasi a m'maso. Nkhani yotere ndi yokoma, koma wofufuza asaimire pomwepo. Afunse kuti mzunguyo anali ndani, anafika liti, ndipo dzina la munthu linasanduka bwanji la dera lonse. Mayankho ake alipo m'zolembedwa. Mu 1878 ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani ya zamalonda imene inadzadziwika kuti African Lakes, ndipo oiyendetsa kuno anali amuna awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. Wovala mandala anali John. Anthu anamutcha dzina potengera magalasi akewo, kenaka dzinalo linapita ku kampani, n'kupita ku nyumba yosanja imene anamanga mu 1882, imene ilipobe ndipo imatchedwa Mandala House. Kuchoka pa nyumbayo linafalikira ku msewu ndi ku dera lonse lozungulira, ngakhalenso ku masitolo a kampaniyo m'maboma akutali.

Chimene chikuchititsa kuti nkhani ya Mandala ikhulupirike n'chakuti mbali zake zonse zikugwirizana. Munthuyo ali ndi dzina, chaka chimene anafika chikudziwika, nyumba ikuoneka ndi maso, ndipo dzina la dera silikupezeka kampaniyo isanabwere. Muyeso womalizawu ndiye wofunika kwambiri. Wina akakuuzani kuti dera lakutilakuti linatchedwa chifukwa cha zimene zinachitika m'ma 1970, inu n'kupeza dzinalo pa mapu a m'ma 1950, ndiye kuti nkhaniyo inapekedwa pambuyo pofuna kufotokoza dzina limene linalipo kale. Zoterezi zimachitika kwambiri ndi mayina amene amamveka ngati mawu a tsiku ndi tsiku. Ndirande ndi chitsanzo: pali nthano zambiri zofotokoza dzinali potengera moyo wa m'tauni, koma phiri linali ndi dzinalo nyumba zisanadzaze m'tsinde mwake. Chimodzimodzi Soche ndi Bangwe, amene ndi mapiri, komanso Naperi ndi Mudi, imene ndi mitsinje.

Tikapitirira ndi msewu tifika pa Ginnery Corner, pamene dzina likukumbutsa fakitale yochotsa njere m'thonje imene inali pamalopo. Pafupi pomwepo pali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene achinyamata amangoti ku Kwinzi pamene achikulire ena amati ku Gulupu. Mayina awiriwa ali ndi phindu kwa wofufuza, chifukwa dzina limene munthu amagwiritsa ntchito limakuuzani nthawi imene anaudziwa mzindawu. Polemba zimene wakuuzani, lembaninso chaka chimene anabadwa ndi chimene anafika m'tauni.

Msewu umene tikuyendamowu wasinthapo dzina. M'nthawi ya chipani chimodzi unali Kamuzu Highway. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994 unadzatchedwa Masauko Chipembere Highway, kulemekeza nduna ya zamaphunziro imene inasemphana ndi Kamuzu mu 1964, n'kudzamwalira ku Amereka mu 1975. Kwa zaka zambiri dzina la Chipembere linali loopsa kulitchula pagulu, ndiye kuliona pachikwangwani cha msewu waukulu chotere sichinali chinthu chaching'ono. Bwalo la mpira la ku Chichiri lasinthidwa koposa apo: linayamba ngati Rangeley Stadium, dzina la mkulu wa boma la atsamunda, n'kukhala Kamuzu Stadium, kenaka Chichiri Stadium m'nthawi ya Bakili Muluzi, n'kubwereranso ku Kamuzu mu 2004 Bingu wa Mutharika atalowa m'boma. Mayina a mtundu uwu savuta kuwatsata, poti kusintha kwake kumalengezedwa ndipo manyuzipepala amalemba. Vuto lake n'lakuti wofufuza wosadziwa dzina lakale amatha kuona ngati malowo sakupezeka m'mabuku, pamene ali momwemo pansi pa dzina lina.

Madera amene anthu ambiri amakhala ndiwo ovuta, ndipo ndi amene ine ndimaona kuti tawanyalanyaza. Atsamunda ankasamala za pakati pa tauni, pamene antchito awo ankakhala m'midzi ya m'mbali. Mzinda utakula, makamaka Blantyre ndi Limbe ataphatikizidwa mu 1956, unameza midziyo pamodzi ndi mayina ake. Apa khutu limathandiza kuposa pepala. Mverani ngati anthu amati "ku" kapena "kwa". Timati kwa Manase, kwa Kameza, kwa Kachere, ndipo "kwa" ameneyu amaloza munthu, kawirikawiri mfumu kapena amene anayamba kukhala pamalopo. Koma si lamulo losaphonya. Anthu amati ku Machinjiri ngakhale kuti Machinjiri ndi dzina la ufumu. Dera likadzaza ndi obwera amene sakumudziwa mwini dzina, "kwa" uja amafufutika pang'onopang'ono.

Ku Lilongwe zinthu zinayenda mwina. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo likulu linasamuka mu 1975. Mzinda unagawidwa ndi manambala, ndipo manambalawo satsata mmene malo anayalidwira, n'chifukwa chake mlendo amasokonezeka poona kuti Area 47 siyandikana ndi Area 44. Anthu sanakhutire ndi manambala okha. Kwa Biwi, kwa Chinsapo ndi kwa Mtandire kuli manambala ake m'mabuku a khonsolo, koma wokwera minibasi satchula nambala.

Tsono wofuna kufufuza dzina la dera lake ayambire kwa amfumu. Ngakhale m'tauni mafumu alipo, ndipo ambiri amatha kutchula amene anakhala pampando iwo asanalowe. Pitani mwaulemu, fotokozani cholinga chanu, ndipo musawaikire mawu m'kamwa. Mukafunsa kuti, "Agogo, n'zoona kuti dzinali linachokera kwa mzungu uja?" ambiri adzavomera pofuna kukusangalatsani. Funso labwino ndi lakuti, "Agogo, pamene munkabwera kuno, malo ano ankatchedwa chiyani, nanga munawapeza ndani?" Funsani anthu atatu kapena anayi paokhapaokha, makamaka a mabanja osiyana. Pamene pali mkangano wa ufumu kapena wa malo, banja lililonse limakoka nkhani kuti dzina likhale la kholo lawo, ndipo mudzadziwa zimenezi mukaona kuti nkhani zikugwirizana pa zonse kupatula pa mwini dzina.

Mukatero pitani ku mapepala kuti mukapeze chaka chakale kwambiri chimene dzinalo linalembedwa. Mapu a dipatimenti ya boma yoyeza malo, makamaka a sikelo ya 1:50,000, amaonetsa midzi, mitsinje ndi mapiri, ndipo kuika mapu a zaka zosiyana pambali ndi pambali kumaonetsa nthawi imene dzina linabwera kapena kusowa. Pamwamba pa Mandala House pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946, yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa za boma, National Archives of Malawi, kumene mungawerenge makalata a ma DC, Gazeti ya boma ndi manyuzipepala akale monga Nyasaland Times. Mabuku a ubatizo a m'mipingo yakale nawo ndi a mtengo wapatali, chifukwa ankalemba mudzi wa munthu aliyense, ndipo mudzi umene sunalowe pa mapu umatha kupezeka m'menemo.

Pali misampha iwiri ya m'mapepala. Woyamba ndi kalembedwe. Atsamunda ankalemba Cholo m'malo mwa Thyolo, Mlanje m'malo mwa Mulanje, ndipo ankasinthanitsa l ndi r mwachisawawa, kotero dzina lililonse muliyese m'malembedwe angapo musananene kuti mulibe. Wachiwiri ndi mpata umene moto unasiya: mu 1919 maofesi aakulu a boma ku Zomba anapsa, ndipo mafayilo ambiri a zaka za m'mbuyo mwake anathera pomwepo. Dzina likasowa m'zolemba za boma za chaka chimenecho chisanafike, sizitanthauza kuti kunalibe. Kwa zaka zimenezo dalirani zolemba za amishoni, za makampani ndi zikalata za malo zimene boma la Harry Johnston linkapereka kwa azungu m'ma 1890, chifukwa pofotokoza malire a esiteti zinkatchula mitsinje, mapiri ndi mafumu amene anagulitsa malowo.