Mipingo ya ku Ejipito ndi ku Itiyopiya: Mmene Inasungira Zimene Inalandira

Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti Uthenga Wabwino unabwera kuno ndi amishoni a kutsidya la nyanja. Kwa ife zinaterodi. Koma kumpoto kwa Afirika kuli mipingo iwiri imene yakhala ikupembedza Khristu kwa zaka zoposa 1,600 osaleka: mpingo wa Akoputi ku Ejipito ndi mpingo wa ku Itiyopiya. Lero tione chimene chinawalekanitsa ndi akhristu a ku Roma ndi ku Girisi, ndiponso mmene anasungira chikhulupiriro chawo atatsala okha.

Mkangano unayambira pa funso limene ngakhale mwana wa m'kalasi la ubatizo angafunse. Pa manda a Lazaro, Yesu analira misozi ngati munthu, kenaka anaitana wakufayo natuluka, chinthu chimene angachite ndi Mulungu yekha. Nanga amene analirayo ndi amene anaukitsa wakufayo, tinene kuti ndi mmodzi motani? Onse ankavomereza kuti Yesu ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni. Chovuta chinali mawu oyenera kunenera zimenezi.

Ku Alesandriya, mzinda waukulu wa Ejipito, kunali bishopu wotchuka dzina lake Sirilo. Iye ankaphunzitsa kuti Mawu a Mulungu atakhala munthu, umulungu ndi umunthu zinalumikizana kukhala chibadwa chimodzi. Aphunzitsi a mbali imeneyi ankakonda fanizo limene aliyense amene anaonapo wosula makasu angalimve. Chitsulo chikafiira pamoto, moto sunasanduke chitsulo ndipo chitsulo sichinasanduke moto, komabe simungaloze kuti apa ndi moto, apa ndi chitsulo. Nyundo ikamenya, imamenya chinthu chimodzi. Kwa iwo, kunena kuti mwa Khristu muli zibadwa ziwiri kunkamveka ngati kumugawa pakati, wina wolira ndi wina woukitsa akufa. Koma akhristu a ku Roma ndi ena a kummawa ankaopa zosiyana ndi zimenezo. Kwa iwo, kunena kuti chibadwa ndi chimodzi kunkamveka ngati umunthu wa Yesu unamezedwa ndi umulungu wake. Ngati unamezedwa, ndiye kuti njala yake, misozi yake ndi imfa yake sizinali zenizeni, ndipo ife sitinapulumutsidwe.

M'chaka cha 451 mfumu ya Aroma, Masiyano, inaitana mabishopu ku msonkhano waukulu m'tauni ya Kalisedoni, pafupi ndi likulu lake la Konsitantinopo. Sirilo anali atamwalira kale. Msonkhanowo unatsata kalata ya Leo, bishopu wa ku Roma, nugamula kuti Khristu ndi mmodzi m'zibadwa ziwiri. Unachotsanso pa mpando Diyosikoro, amene analowa m'malo mwa Sirilo, ndipo iye anakafera kudziko lachilendo mu 454.

Anthu a ku Ejipito anakana. Boma linawaikira bishopu wina, Puroteriyo, ndipo asilikali ndi amene ankamuteteza. Mu 457, mfumu Masiyano itamwalira, khamu la anthu linamupha bishopuyo. Tisabise, mwazi unakhetsedwa ndi mbali zonse ziwiri. Patapita nthawi ku Alesandriya kunakhala mabishopu aakulu awiri, wina wa mfumu, wina wa anthu a m'dziko. Otsatira wa mfumuyo ankatchedwa Amelikite, kutanthauza anthu a mfumu. Koma alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Nailo ndi amonke a m'chipululu anatsata bishopu wawo, ngakhale pamene ankabisala. Mmodzi wa iwo, Benjamini, anakhala mobisala kwa zaka pafupifupi 10, kufikira Aluya atalanda Ejipito cha m'ma 640.

Kuyambira pamenepo Akoputi anakhala pansi pa olamulira Achisilamu. Ankakhoma msonkho wapadera chifukwa chokhala akhristu, ndipo pang'ono ndi pang'ono chiwerengero chawo chinachepa. Ngakhale chinenero chawo chinatha m'nyumba, ana nayamba kulankhula Chiarabu. Koma m'tchalitchi sanachitaye. Chikoputi ndi chinenero cha Aejipito akale, cholembedwa ndi zilembo za Chigiriki kuwonjezapo zochepa za makolo awo, ndipo mpaka lero chimaimbidwa pa guwa pamodzi ndi Chiarabu. Anasunganso kawerengedwe kawo ka masiku. Zaka zawo amaziwerenga kuyambira mu 284, pamene inalowa ufumu mfumu Diyokilesiyano imene inapha akhristu ambiri, ndipo amazitcha zaka za ofera chikhulupiriro. Chaka chawo chili ndi miyezi 12 ya masiku 30, ndi kamwezi kakang'ono ka masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Choncho Mkoputi akangotchula tsiku la chikondwerero, wakumbukira kale makolo ake amene anafera Khristu. Ambiri amadindanso kamtanda pa dzanja, chizindikiro chimene munthu sangavule nthawi zikaipa.

Tsopano tikwere ndi mtsinje wa Nailo kupita kummwera, ku mapiri a Itiyopiya. Kodi mkangano wa ku Kalisedoni unafikako bwanji? Unafika chifukwa mpingo wa kumeneko unali mwana wa mpingo wa ku Alesandriya. Zaka zoposa 100 msonkhano uja usanachitike, mnyamata wina wa ku Turo, Furumensiyo, anagwidwa m'mbali mwa Nyanja Yofiira natengedwa kunyumba ya mfumu ku Akisumu. Atakula anapita ku Alesandriya kukapempha bishopu, ndipo Atanasiyo, bishopu wa kumeneko, anadzoza iye yemweyo namubweza. Mfumu Ezana inakhala mkhristu, ndipo pa ndalama zake panayamba kuoneka mtanda. Kuyambira apo, bishopu wa Itiyopiya, amene amamutcha Abuna, ankachokera ku Ejipito. Motero Alesandriya atakana chigamulo cha ku Kalisedoni, Itiyopiya anatsata mayi wake. Dzina la mpingowo mpaka lero lili ndi liwu lakuti Tewahedo, lotanthauza kukhala chimodzi, ndipo liwulo likunena za Khristu.

Dongosolo limeneli linali ndi mavuto ake. Kwa nthawi yaitali dziko lonse linkakhala ndi bishopu mmodzi yekha, mlendo amene nthawi zambiri sankadziwa chinenero cha anthu. Akamwalira, mfumu inkatumiza mphatso kwa olamulira Ejipito kuti alole wina kubwera, ndipo nthawi zina pankapita zaka zambiri popanda wodzoza ansembe. Amene anagwira mpingo m'nyengo zotere anali amonke. Malo awo ena, monga Debure Damo, ali pamwamba pa thanthwe loti munthu amakwerapo ndi chingwe. Kumeneko ankakopera Malembo pa zikopa m'chinenero cha Giizi, ndipo anasunga lathunthu buku la Enoki, limene kwina konse linangotsala zidutswa.

Pokhala kwaokha, Aitiyopiya anasunga miyambo imene ife ingatidabwitse. Amavula nsapato polowa m'tchalitchi, sadya nkhumba, ndipo amalemekeza Loweruka pamodzi ndi Lamulungu. Tchalitchi chilichonse chili ndi taboti, kagome ka mtengo kapena ka mwala kokumbutsa Bokosi la Chipangano, ndipo popanda iko nyumbayo si tchalitchi. Amaimba ndi ng'oma nyimbo zimene amati anayambitsa ndi Yaredi woyera. Monga Akoputi, amasala nyama ndi mkaka Lachitatu ndi Lachisanu, kuwonjezapo nyengo zazitali zosala.

Kodi anthu wamba ankazigwiradi zimenezi, kapena zinali za ansembe okha? Yankho linaoneka pamene zinayesedwa. Mu 1622 mfumu Susenyosi, imene inkafuna thandizo la Apwitikizi, inalengeza kuti yalowa mpingo wa Roma. Patapita zaka zochepa kunafika mkulu wa mpingo wotumidwa kuchokera ku Ulaya, Afonso Mendesi. Iye analamula kuti akhristu abatizidwenso, ansembe adzozedwenso, kusunga Loweruka kuleke, ndipo masiku a zikondwerero atsate a ku Roma. Mlimi wa ku mapiri mwina sakanatha kufotokoza za zibadwa ziwiri, koma anamva bwino chimene lamulolo linkatanthauza: kuti ubatizo wa amayi ake unali wachabe, ndi kuti agogo ake anafa ali akunja. Anthu anaukira, nkhondo inatenga zaka, ndipo mu 1632 asilikali a mfumu anapha alimi zikwi zambiri pa nkhondo imodzi. Mfumu inapambana, koma ophedwawo anali anthu ake omwe. Chaka chomwecho inabwezera anthu chipembedzo cha makolo awo nisiyira ufumu mwana wake Fasilidesi, amene anathamangitsa amishoniwo naitanitsanso bishopu ku Alesandriya. Ubale umenewu unapitirira mpaka mu 1959, pamene mkulu wa Akoputi, Sirilo wachisanu ndi chimodzi, anakhazika Basiliyosi, mwana wa dzikolo, kukhala mkulu woyamba wa mpingo wa Itiyopiya wodziimira pawokha.

Nkhaniyi ili ndi mathero amene ambiri sawadziwa. Kwa zaka mazana ambiri, mabuku a ku Ulaya ankati mipingo iwiriyi imakana umunthu wa Yesu. Koma atsogoleri atakhala pansi ndi kufunsana kuti mawu anuwa mumatanthauza chiyani, anapeza kuti sizinali choncho. Pa mwambo wawo wa Mgonero wa Ambuye, Akoputi amavomereza poyera kuti umulungu ndi umunthu wa Khristu sizinasakanikirane ndiponso sizinalekane. Mu 1973 Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi wa ku Roma ndi Papa Shenuda wachitatu wa Akoputi anasaina chivomerezo chimodzi cha Khristu, Mulungu wathunthu ndi munthu wathunthu. Mu 2014, ku Kairo, nthumwi za mpingo wathu wa Angilikani ndi za mipingo yakaleyi zinagwirizananso pa chiphunzitso chomwechi. Sikuti mipingoyi yakhala umodzi, pakuti nkhani zina zikadalipo. Koma pa funso la pa manda a Lazaro lija, tsopano akuyankha pamodzi kuti amene analira ndi amene anaukitsa wakufa ndi Ambuye mmodzi.

Abale anga, panapita zaka zoposa 1,500 kuti akhristu afunsane funso limene akanafunsana pachiyambi. M'zaka zonsezo, popanda thandizo la mafumu a Roma, Akoputi ndi Aitiyopiya anapatsira ana awo chikhulupiriro kudzera m'pemphero la m'chinenero cha makolo, masiku osala, ndi zikondwerero za chaka ndi chaka. Pa 7 Januwale, ife titatsiriza kale Khirisimasi yathu, ambiri a iwo amakhala akukondwerera kubadwa kwa Mwana yemweyo. Tsiku limenelo tiziwakumbukira m'mapemphero athu, pamodzi ndi ena onse amene amamutchula ndi mawu osiyana ndi athu. Ambuye akhale nanu.