Kodi mwana ndi wa yani? Kuyeza DNA

Mu DNA yathu muli malo amene kacidutswa kakafupi kamabwerezedwa, mwina ka 12, mwina ka 15. Dzina la malowa ndi STR. Pamalo alionse timalandira nambala imodzi kwa mayi, ina kwa bambo.

Tiyerekeze kuti mwana ali ndi 12 ndi 15, mayi ali ndi 12 ndi 14. Ndiye kuti 15 yacokera kwa bambo. Koma ngati mwamuna mmodzi mwa 10 alionse ali ndi 15, umboniwu ngocepa. N'cifukwa cake akatswiri amayeza malo ambiri n'kuculukitsa. Malo atatu otere ndi 10 × 10 × 10: wofanana mwangozi ndi mmodzi mwa amuna 1000.

Masamuwa amawerengera amuna osakhala pacibale. Mcimwene wa bambo amafanana nawo malo ambiri, conco uzani oyezawo ngati nayenso akuganiziridwa.