Mfutso Pantchito ya Ophunzira a Maphunziro a Zapakhomo

Mfutso ndi masamba ofutsa ndi kuumitsa, osungira chilimwe pomwe ndiwo zamasamba zimasowa. Kwa wophunzira wofuna ntchito yoyesera kusunga chakudya, mfutso umaposa jamu kapena zam'mabotolo, chifukwa sufuna shuga kapena ndalama, komanso zotsatira zake zimaoneka ndi maso.

Ntchito yabwino ndi yoyerekeza. Wophunzira athyole khwanya kapena chitambe chanthete, achitsuke, achigawe pawiri. Gawo lina aliwiritse nthawi yaitali n'kuliyanika padzuwa, monga achitira ambiri kumudzi. Linalo aliviike m'madzi owira mphindi 2 kapena 3 zokha, kenako aliyanike mopyapyala pathandala, pamthunzi podutsa mphepo. Kuviikako kumaletsa masamba kuguga mtundu ndi kukoma, ndipo mthunzi umateteza chomwe thupi limasandutsa vitamini A, chimene dzuwa limawononga. Oumira pamthunzi amatsala obiriwira, enawo amaderako. Masamba ouma bwino amafumbutuka ukawafinya m'manja. Akamapindika, chinyezi chikadalimo ndipo adzachita nkhungu m'chikwatu.

Ena anganene kuti mfutso ulibe chakudya chokwanira. Vitamini C ambiri amatayikadi, n'chifukwa chake wophunzira aonetsenso chakudya chamalambe chotsekera mpatawo. Koma ayironi ndi kashiamu sizithawa ndi kuuma, zina zimangotayika ndi madzi owiritsira akatayidwa, ndipo kutendera ndi nsinjiro kumapereka mafuta othandiza thupi kulandira vitamini A. Dandaulo lomveka ndi lakuti pamthunzi masamba amachedwa kuuma, choncho ntchitoyi ichitike mvula ikatha, cha mu Epulo kapena Meyi.